Kukonza chithunzi cha nyama yojambulidwa patali chikadulidwa kwambiri

Aliyense amene anajambulako nyama zakutchire ndi lenzi yaing'ono ya zumu, monga ya 55-200mm imene imabwera limodzi ndi makamera ambiri, amadziwa zimene zimachitika. Mukamajambula, mbalame imaoneka bwinobwino m'maso mwanu. Mukatsegula chithunzicho pakompyuta mumapeza kadontho pakati pa thambo ndi mitengo. Mukadula kuti mbalameyo ikule, nthenga zimasanduka phala, thambo limadzaza timadontho ngati mchenga, ndipo m'mphepete mwa nthambi mumatuluka mizere yofiirira. Chithunzi chotere chimakonzeka ndithu, koma pali malire ake, ndipo ntchitoyo ili ndi ndondomeko imene simuyenera kuisokoneza. Tiyenda ndi chithunzi chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pogwiritsa ntchito RawTherapee ndi GIMP, mapulogalamu awiri aulere. Amene muli ndi Lightroom kapena Photoshop mupezamo zida zofanana, mayina okha ndiwo amasiyana.

Chithunzi chathu ndi cha nkhwazi imene yatera panthambi youma, pa mtunda wa mamita 60. Kamera ili ndi sensa ya APS-C ya mapikiseli 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, lenzi yatambasulidwa mpaka 200mm, ndipo chinajambulidwa pa f/8, 1/1000, ISO 800, m'fayilo ya RAW, imene imasunga zimene sensa inaona kamera isanazikonze.

Yambani mwawerenga mapikiseli

Musanakhudze chilichonse, dziwani kuti mbalameyo yatenga mapikiseli angati, chifukwa nambala imeneyi ndiyo ilamulire zonse zotsatira. Nkhwazi ndi yaitali masentimita pafupifupi 70. Pa mamita 60, lenzi ya 200mm imaiika pa sensa ngati kanthu kotalika mamilimita awiri ndi pang'ono, ndipo pa sensa yathuyi amenewa ndi mapikiseli pafupifupi 600. Kunena kwina, pikiseli imodzi yaimira kamalo koposa milimita imodzi pathupi la mbalameyo. Diso lonse lili ndi mapikiseli ngati khumi basi. Timizere tating'onoting'ono ta m'nthenga, timene mumationa pazithunzi zojambulidwa pafupi, n'tochepa kuposa milimita, choncho kamera sinatiwone n'komwe. Musataye nthawi kutifunafuna. Chimene chilipo, ndipo tingachitulutse, ndi mphepete mwa nthenga zikuluzikulu za phiko, malire a mutu woyera ndi thupi lofiirira, mlomo, zikhadabo ndi kuwala kwa m'diso.

Simufunika masamu nthawi zonse. Tsegulani chithunzi, kokerani bokosi lodulira mothina kuzungulira nyamayo, muwerenge manambala amene pulogalamu ikuonetsa. Kwa ine, nyama imene yaposa mapikiseli 500 imapereka chithunzi chabwino cha nyamayo payokha. Ikakhala pansi pa 300, ndi bwino kuisiya yaing'ono m'malo ake, chithunzi chikhale cha nyama ndi dera limene ikukhala.

Sankhani chithunzi chakuthwa, musakonze choyamba chimene mwachikonda

Ngati munajambula zingapo motsatizana, apa ndi pamene mungapindule kwambiri kuposa pa sitepe ina iliyonse. Tsegulani chilichonse pa 100%, ndiye kuti batani la 1:1, muyang'ane diso. Pazithunzi khumi za mbalame imodzi, kawirikawiri ziwiri kapena zitatu zimakhala zakuthwa kuposa zinzake, ngakhale kuti zonse zimaoneka zofanana zikakhala zazing'ono.

Chimbuuzi chili ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umadziwika ndi maonekedwe ake. Ngati nthambi ya kutsogolo kapena masamba a kumbuyo ndi akuthwa pamene mbalame ili mbuu, kamera inalunjika polakwika. Ngati kakuwala ka m'diso sikozungulira koma katambalala ngati kamzere, ndipo zinthu zonse zatsetserekera mbali imodzi, ndiye kuti dzanja linagwedezeka. Ngati nthambi ili bwino koma mutu wokha ndiwo watsetsereka, mbalame inatembenuka. Mtundu wachinayi ndi wa mpweya wotentha. Dzuwa likawomba kwambiri, mpweya wochoka pansi umavinavina, ndipo pachithunzi mizere yowongoka imaoneka yokhotakhota, malo ena akuthwa ena mbuu popanda dongosolo. Wachisanu ndi kufewa kwa lenzi yeniyeniyo: chithunzi chonse n'chofewa pang'ono mofanana, popanda kutsetsereka. Malenzi otsika mtengo amachita zimenezi akatambasulidwa mpaka kumapeto.

Wachisanu uja ndiye amachira bwino. Kulunjika kophonya pang'ono kumachira mwa apo ndi apo. Kugwedezeka kwakukulu ndi mpweya wotentha sizichira, ndipo mukazikakamiza mumangopanga chithunzi cholimba ngati chojambulidwa ndi pensulo. Zoterezo zisiyeni, mutenge china.

Dulani mosiya malo

Mtima umafuna kuti mbalame idzaze chithunzi chonse. Pewani zimenezo. Mukadula mothina kwambiri, cholakwika chilichonse chimakula, ndipo woonera alibe kwina koyang'ana koma pa nthenga zofewazo. Pachithunzi chathu tidula bokosi la mapikiseli 1500 ndi 1000. Nkhwazi ya mapikiseli 600 itenga gawo loposa theka la msinkhu wa chithunzi, nthambi ioneka, ndipo kumbali imene mbalame yayang'ana tisiyako thambo lochulukirapo. Bokosi limeneli ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 16 a chithunzi choyamba. Mu RawTherapee chida chake ndi Crop, m'gawo la Transform. Dulani panopa kuti zimene muzisintha kutsogoloku muziziyeza pa mbalameyo, osati pa tchire limene mwalitaya kale.

Musanapitirire, sankhani (Neutral) pamndandanda wa Processing Profiles. Zimenezi zimazimitsa kunola ndi zokometsera zina zimene pulogalamu imaika yokha. Chithunzi chioneka chozimiririka, koma ndi poyambira poyera.

Zolakwika za lenzi, kenako kuwala

Yang'anani pa 200% pamene nthambi yakuda yakumana ndi thambo lowala. Mukaona kamzere kofiira mbali imodzi ndi kobiriwira mbali inayo, imeneyo ndi lenzi imene yalephera kusonkhanitsa mitundu yonse ya kuwala pamalo amodzi. Pachithunzi chosadulidwa kamzereka sikaoneka, koma ife takuza chilichonse kanayi. M'gawo la Raw, pansi pa Chromatic Aberration Correction, tsegulani Auto-correction. Izi zimachotsa mizereyo, komanso zimathwetsako chithunzi pang'ono chifukwa mitundu imabwerera pamalo amodzi. Ngati patsala kamzere kapepo kuzungulira mutu woyera, kachotseni ndi Defringe m'gawo la Detail.

Nkhwazi ndi yovuta pa kuwala chifukwa ili ndi mutu woyera mbee ndi mapiko akuda bii. Yambani ndi mutu. Tsegulani chizindikiro choonetsa malo amene apsa ndi kuwala, chimene chili pamwamba pa chithunzi. Ngati pamutu papsa, tsegulani Highlight reconstruction ndipo mukweze Highlight compression pang'onopang'ono mpaka timithunzi ta pakati pa nthenga zoyera tibwerere. Timithunzi timeneti n'tofunika kwambiri, chifukwa popanda ito mutu umangokhala chigamba choyera ndipo kunola sikungapezepo chogwira.

Mapiko musawawalitse kwambiri. M'malo amdima ndi m'mene timadontho timabisala, ndipo mukakweza mithunzi mumatidzutsa tonse. Kwezani mpaka mizere ya nthenga zikuluzikulu iyambe kuoneka, muime pomwepo. Phiko lakuda likhale lakuda.

Pali chinthu chinanso chimene mtunda umachita. Pakati pa inu ndi mbalame pali mamita 60 a mpweya wokhala ndi fumbi ndi chinyezi, ndipo umenewu umaika kachifunga kotuwa pachithunzi. Nthawi zambiri chimene timachiyesa chimbuuzi chimakhala kachifungaka. Kwezani Black pang'ono kuti malo akuda kwambiri adedi, kapena gwiritsani ntchito Haze Removal pa mphamvu yochepa, pakati pa 15 ndi 30. Muona ngati chithunzi chathwa musananole n'komwe. Mukapitirira muyeso, thambo limada mozungulira mbalame ndipo mitundu imakhala ngati yopaka utoto.

Timadontho

Timadontho tili mitundu iwiri ndipo sitichotsedwa mofanana. Tina ndi ta utoto, tofiira ndi tobiriwira, timene timaoneka kwambiri pamapiko akuda ndi pathambo. Timeneti tichotseni tonse popanda mantha, chifukwa kutichotsa sikuwononga nthenga. Mu Noise Reduction, m'gawo la Detail, siyani Chrominance pa Automatic global. Tina ndi totuwa ngati mchenga, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amawonongera zithunzi zawo. Pulogalamu siyitha kusiyanitsa bwino kadontho ndi kanthenga pamene zonse ziwiri n'zazikulu pikiseli imodzi kapena ziwiri. Mukakweza Luminance mpaka thambo litayera see, mbalame imasalala ngati chidole cha pulasitiki.

Pa ISO 800, yambani ndi Luminance pa 15 ndi Detail recovery pa 60, muyang'ane pachifuwa ndi paphiko pa 100%. Zida zimenezi zimaonetsa zoona zake pa 100% pokha, choncho musaziweruze chithunzi chili chaching'ono. Muzizimitsa ndi kuyatsa chidacho mukuyang'ana malo amodzi. Ngati mzere wa nthenga umene umaoneka chida chitazima ukusowa chikayaka, mwapitirira. Musadandaule ndi mchenga wotsala pathambo, tidzauchotsa padera mu GIMP, kumene sitidzakhudza mbalame. Ine ndimalolera mchenga pang'ono panthenga, chifukwa diso la munthu limauwerenga ngati nthenga.

Ngati munajambula pa ISO yokwera, monga 3200, pitani ku Demosaicing m'gawo la Raw musinthe njira kuchoka pa AMaZE kupita pa LMMSE, imene siisandutsa timadontho kukhala timizere tokhotakhota.

Kunola koyamba

Kunola kuli kuwiri, ndipo koyambaku n'kosiyana ndi kumene anthu ambiri amakudziwa. Kunola wamba kumangowalitsa mbali imodzi ya mphepete ndi kudetsa mbali inayo kuti diso linamizike. Kumene tikufuna pano kumayesa kubweza kuwala kumene lenzi inamwaza, kadontho kalikonse kabwerere pamalo ake. Mu RawTherapee kumapezeka pa Capture Sharpening m'gawo la Raw, chida chimene chinabwera ndi mtundu wa 5.8 mu 2020, komanso pa RL Deconvolution m'chida cha Sharpening. Gwiritsani ntchito chimodzi, osati zonse ziwiri.

Yatsani Capture Sharpening, muilole isankhe Radius yokha poyamba. Pa lenzi yofewa mungafunike kuikweza pang'ono, kufika cha pa 0.8 kapena 0.9. Kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana mlomo pamene wakumana ndi thambo. Pali malo pamene mlomo umathwa mwadzidzidzi, ndipo mukadutsa pamenepo pamatuluka kamzere koyera kotsatira mphepete, ngati wina wazunguliza ndi choko. Mukangokaona, bwererani m'mbuyo. Contrast threshold ndi imene imauza pulogalamu kuti malo osalala, monga thambo, isawanole. Mukaona mchenga wa pathambo ukukula, ikwezeni. Mukatha, bwererani ku Noise Reduction mukaonenso, chifukwa zida ziwirizi zimakokana ndipo kusintha chimodzi kumasintha chinzake.

Kukuza, ngati kukufunikadi

Dzifunseni kuti chithunzichi chikupita kuti. Ngati n'choonera pafoni kapena kutumizira anzanu, mapikiseli 1500 ndi okwana kale, popeza masikirini ambiri a foni ali ndi mapikiseli 1080 m'lifupi. Musachikuze. Kuchikuza kuti pambuyo pake chikachepetsedwenso kumangochifewetsa.

Kusindikiza ndiko kumafuna kukuza. Pa mapikiseli 300 pa inchi, chithunzi chathu chimangokwana masentimita pafupifupi 13 ndi 8. Tikachikuza kawiri chifika mapikiseli 3000 ndi 2000, amene amakwana masentimita 25 ndi 17, ndipo angafike pa pepala la A4 pa mapikiseli pafupifupi 250 pa inchi. Kukuza sikuwonjezera nthenga ngakhale imodzi. Ntchito yake ndi yoti mphepete zikhale zosalala, zisaoneke ngati masitepe, komanso kutipatsa malo onolera mosamala. M'gawo la Transform tsegulani Resize, sankhani njira ya Lanczos, ikani Scale pa 2, mulole Allow Upscaling. Musapitirire kawiri. Pa katatu kapena kanayi, diso la mapikiseli khumi lija limangokhala banga lalikulu.

Sungani ngati TIFF ya 16-bit, osati JPEG. JPEG imataya tinthu ting'onoting'ono nthawi iliyonse mukasunga, ndipo ife tilibe toti n'kutaya. Ngati chithunzi chanu choyamba ndi JPEG chifukwa simunajambule RAW, ndondomeko ndi yomweyi, koma kamera inanola kale ndi kuchotsa kale timadontho, choncho Capture Sharpening sigwira ntchito, ndipo china chilichonse chichiteni ndi theka la mphamvu.

Mbalame payokha, kumbuyo pakokha

Gawo limeneli ndi limene limasiyanitsa chithunzi chokonzedwa ndi manja ndi chongodinidwa batani. Mbalame ikufuna kunoledwa, thambo likufuna kusalazidwa, ndipo zinthu ziwirizi sizingachitike pamodzi pachithunzi chonse.

Tsegulani TIFF ija mu GIMP, mupange makope awiri a leya, ndiye kuti zithunzi ziwiri zosanjikizika pamwamba pa choyambacho, ndi Layer > Duplicate Layer. Leya ya pansi isiyeni mmene ilili. Pa leya ya pakati ikani Filters > Blur > Selective Gaussian Blur, mukweze Blur radius mpaka mchenga wa pathambo utha. Chida chimenechi n'chabwino kuposa Gaussian Blur wamba chifukwa sichitayira utoto wa mbalame pathambo. Pa leya ya pamwamba ikani Filters > Enhance > Sharpen (Unsharp Mask). Pachithunzi chokuzidwa kawiri, yambani ndi Radius 1.5 ndi Amount 0.6. Ngati simunakuze, tsitsani Radius kufika pa 0.8.

Tsopano leya ziwiri za pamwambazo zipatseni masiki akuda kudzera pa Layer > Mask > Add Layer Mask, musankhe Black (full transparency). Zonse zimene munachita zibisika, ndipo muzitulutsa pamene mwafuna popaka masikiwo ndi burashi yoyera yofewa. Pa leya yosalaza, pakani thambo ndi masamba a kumbuyo, koma musiye kampata ka mapikiseli angapo musanafike pa mbalame, kuti tinthenga totuluka pakhosi ndi pamiyendo tisafufutike. Pa leya yonola, pakani diso, mlomo ndi nkhope ndi mphamvu yonse, phiko ndi chifuwa ndi theka la mphamvu, zikhadabo ndi nthambi imene zagwira pang'ono chabe. Mphepete yeniyeni ya thupi, pamene mutu woyera wakumana ndi thambo, musaipake. Pamenepo ndi pamene kamzere ka choko kamabadwira.

Chifukwa chake chokondera diso n'chakuti munthu akaona chithunzi cha nyama amayamba wayang'ana m'maso. Diso ndi mlomo zikakhala zakuthwa, amakhululukira phiko lofewa. Mungawalitse kakuwala ka m'diso pang'ono ndi chida cha Dodge/Burn pa mphamvu yochepa, ngati kalipo kale. Ngati kulibe, musajambulepo kanu. Chithunzi cha nyama zakutchire chimanena kuti izi ndi zimene ndinaona, ndipo mipikisano yambiri ya zithunzi zachilengedwe imakana zowonjezera zotere, ina imachita kupempha fayilo ya RAW kuti ione.

Nthambi imene mbalame yaterapo musaisalaze limodzi ndi thambo. Ili pa mtunda umodzi ndi mbalameyo, choncho iyenera kuthwa mofanana nayo. Mbalame yakuthwa yoima pa nthambi yambuu imaoneka ngati yomatidwa. Ndipo ngati thambo lasalala kwambiri moti likusiyana ndi mbalame ya mchenga, tsitsani Opacity ya leya yosalaza kufika pa 70, mchenga pang'ono ubwerere n'kulumikiza ziwirizo. Mchenga wochepawu umatetezanso thambo kuti lisagawike m'mizeremizere mukasunga JPEG.

Kuyesa musanatulutse

Maso amazolowera. Mukakhala pa 200% kwa theka la ola mumayamba kukonda zinthu zoopsa. Chokanipo kwa mphindi zingapo, mukabwera muone chithunzicho pa kukula kumene anthu adzachionere, pambali pa choyamba chija. Zizindikiro zoti mwapitirira ndi kamzere koyera kuzungulira mlomo, nthenga zooneka ngati zonyowa kapena zokandidwa ndi singano, ndi timizere tonga timphutsi ting'onoting'ono m'malo amdima. Mankhwala ake ndi kutsitsa Opacity ya leya yonola, nthawi zambiri kufika cha pa 60. Sungani fayilo ya GIMP ya XCF yokhala ndi maleya onse, kenako tulutsani JPEG ndi File > Export As pa Quality 90 kapena kuposerapo. Ngati n'chosindikiza, yambani mwasindikiza kagawo ka mutu wokha pa kukula kwake kwenikweni, mukagwire pa mtunda wa mkono. Pepala limameza kunola pang'ono, ndiye chimene chikuoneka cholimba pang'ono pasikirini chimatuluka bwino papepala.

Ulendo wina mukadziwa kuti mudzadula chonchi, jambulani ngati muli ndi lenzi yaitali kanayi. Kudula kanayi kumakuzanso kugwedezeka kwa dzanja kanayi, ndiye liwiro la 1/320 limene limakwana pa 200mm silikwananso. Ikani 1/1000 kapena kuposerapo, ngakhale ISO ikwere, chifukwa timadontho timachotseka pamene kugwedezeka sikuchotseka. Tsekani lenzi kufika pa f/8, pamene malenzi ambiri otere amathwa kuposa akatseguka kotheratu, ndipo zimitsani zumu ya dijito ngati kamera yanu ili nayo, popeza imangodula ndi kukuza m'malo mwanu mosakufunsani. Tsamiritsani lenzi pa chinthu cholimba, lunjikani ndi kadontho kamodzi pamutu wa nyama, ndipo jambulani zisanu kapena khumi motsatizana. Jambulani m'mawa dothi lisanatenthe. Ndipo ngati mungasendere popanda kuidzidzimutsa nyamayo, kuchoka pa mamita 60 kufika pa 40 kumakweza nkhwazi yathu kuchoka pa mapikiseli 600 kufika pa 900.